Tiyeze anthu angati pamene nthenda ili yosowa?

Ofufuza za umoyo akafuna kudziwa mmene nthenda yafalira, amasankha gulu la anthu mwa maere n'kuwayeza, ndipo kukula kwa gululo amakupeza kawirikawiri ndi fomula iyi:

```
n = Z² × p × (1 − p) / d²
```

Apa `p` ndi gawo la anthu omwe tikuganiza kuti ali ndi nthendayo, `d` ndi mpata womwe talola kuti yankho lathu liphonye choonadi, pomwe `Z` ndi 1.96 ngati tikufuna chitsimikizo cha 95 peresenti. Tikaika `p` wa 0.5 ndi `d` wa 0.05 timapeza anthu pafupifupi 384, nambala yomwe ambiri anaizolowera kwambiri mwakuti amaigwiritsa ntchito ngakhale pomwe siyenera.

Tiyerekeze nthenda yomwe imagwira munthu mmodzi mwa 1,000 alionse, kutanthauza kuti `p` ndi 0.001. Tikasiya `d` pa 0.05, fomulayi imatiuza kuti anthu awiri akwana. Masamuwo sanalakwe, koma funso lathu ndi lomwe lapotoka, chifukwa talola kuphonya ndi anthu 50 mwa 1,000 pa nthenda ya munthu mmodzi mwa 1,000. Ngakhale anthu 384 aja sathandiza, pakuti mwa akafukufuku 100 otere, pafupifupi 68 sangapeze wodwala ndi mmodzi yemwe. Zikatero n'kulakwa kulengeza kuti nthendayo kulibe. Lamulo lomwe Hanley ndi Lippman-Hand analifotokoza mu 1983 limati ngati palibe wodwala mwa anthu `n`, malire apamwamba a chitsimikizo cha 95 peresenti amakhala pafupifupi `3/n`. Kwa anthu 384, ndiye kuti nthendayo ikhoza kukhala mwa anthu pafupifupi 8 pa 1,000 alionse ife osaiona.

Njira yoyenera ndi kuyeza mpata wa kuphonya molingana ndi kuchepa kwa nthendayo. Tikalola kuphonya ndi theka la `p`, `d` amakhala 0.0005, ndipo fomula imafuna anthu pafupifupi 15,350, omwe mwa iwo tikuyembekezera odwala 15. Tikafuna kuphonya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a `p`, `d` amatsika kufika pa 0.0002, anthu oyezedwa n'kukwera kufika pafupifupi 96,000, odwala 96. Mfundo yomwe ndimafuna wowerenga aigwiritse ndi yakuti pa nthenda yosowa, kulondola kwa kafukufuku kumadalira chiwerengero cha odwala omwe tawapeza, osati unyinji wa oyezedwa. Nthenda ikakhala ya munthu mmodzi mwa 10,000, odwala 96 omwewo ndi amene akufunika, koma kuti tiwapeze tiyenera kuyeza anthu pafupifupi 960,000. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti poyamba munthu asankhe odwala angati akufuna kupeza, kenako agawe nambalayo ndi `p`. Ngati pali kukayika pa `p`, ndi bwino kutenga wocheperapo, chifukwa ndiye amapereka gulu lalikulu.

Odwala akakhala ochepa, malire a yankho satalikirana mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo kuwerengera kwachizolowezi nthawi zina kumapereka malire apansi ochepera ziro, chomwe ndi chizindikiro chakuti njirayo yalephera. Pamenepo pamafunika njira ya Wilson ya 1927 kapena ya Clopper ndi Pearson ya 1934. Odwala 15 mwa anthu 15,350 amapereka malire oyambira pafupifupi 0.55 kufika 1.6 pa 1,000 alionse, ndipo mbali yam'mwamba ndi yotalikirapo.

Pali vuto lina lomwe kuchulukitsa anthu sikulithetsa, ndipo ndimaliona kukhala loopsa kuposa onse. Tiyerekeze kuti chipangizo choyezera chimanena molondola kuti munthu alibe nthenda kwa anthu 995 mwa 1,000 omwe alibedi. Chimenechi chikumveka chabwino, koma mwa anthu 15,350 chidzanamizira pafupifupi 77 kuti akudwala, pomwe odwala enieni ndi 15 okha. Kafukufuku adzanena kuti nthendayo ili mwa anthu 6 pa 1,000, ndipo tikayeza anthu 96,000 tidzapeza yankho lolakwika lomwelo, kungoti malire ake adzakhala opanikizana, ooneka ngati odalirika. Choncho aliyense amene wapezeka ndi nthenda ayezedwenso ndi njira ina yotsimikizira, ndipo mtengo wake ulowe m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Nambala zonsezi zikutengera kuti munthu aliyense wasankhidwa payekha. Ngati tasankha magulu athunthu, monga mabanja, pa nthenda yoyenda m'magazi kapena yopatsirana, odwala amaunjikana malo amodzi, ndipo gulu liyenera kukula. Zikapezeka kuti kuunjikanako kukuchulukitsa kufunika kwa anthu kawiri, 15,350 aja amasanduka 30,700, ndipo ngati mmodzi mwa khumi alionse angakane kuyezedwa, tiyenera kuitana anthu pafupifupi 34,100.