Foni ikagwa m'madzi, kuyaka kwake kusakunamizeni

"Koma inayaka bwinobwino." Mawu amenewa ndatopa nawo. Pafupifupi aliyense wobwera ndi foni yakufa pa tebulo langa lokonzera amayamba nawo, ngati kuti kuyakako ndi umboni woti madzi atuluka.

Chimene chimapha foni ndi madzi akakumana ndi magetsi. Madzi amene timagwiritsa ntchito amakhala ndi mchere ndi zinyalala, ndiye magetsi akamadutsa pa bodi yonyowa ya mkati mwa foni, tinjira ta kopa timayamba kudyeka. Choncho mukangoivuula, izimitseni. Osaiyatsa kuti muone ngati ikugwira, ndipo tchaja isayandikire n'komwe. Chotsani kava, simu khadi ndi memore khadi, komanso batire ngati ndi lochotseka. Ipukuteni ndi nsalu youma, muigogode pang'ono pachikhatho bowo la tchaja litaloza pansi, kenako muthamangire nayo kwa wokonza tsiku lomwelo. Ikagwa m'madzi amchere kapena a sopo, musadikire ngakhale madzulo.

Nanga zoikwirira mumpunga kuti iume? Mpunga sufika pansi pa tizitsulo tophimba bodi pomwe madzi amabisala. Umangosiya fumbi m'mabowo n'kukudyerani masiku. Kuyanika padzuwa kapena kuipemerera ndi makina oumitsira tsitsi kumaononga batire n'kusungunula guluu wogwira sikirini.

Mayi wina amandiwawabe mtima. Foni yawo inagwera m'ndowa akuchapa, anaikwirira mumpunga masiku atatu, n'kuitchaja. Inagwira ntchito pafupifupi milungu iwiri, kenako batire linayamba kutha isanakwane nthawi ya nkhomaliro, kumbuyo kukutentha, mpaka inazima osadzukanso. Nditaitsegula ndinapeza dzimbiri lobiriwira litadya miyendo ya tchipu choyendetsa magetsi. Zithunzi za mwana wawo zinali m'tchipu chomatiriridwa pa bodi yomweyo, ndipo sitinazipulumutse. Akanabwera tsiku loyamba, ntchito inali kumasula batire, kutsuka bodi ndi sipiriti yotsukira zamagetsi ya 99 peresenti, n'kuumitsa basi.

Musamalenso ndi amene amangoipemerera mpweya wotentha pabowo la tchaja osaitsegula, n'kukuuzani kuti yachira. Mufunseni ngati amasula batire n'kutsuka bodi. Akayamba kuzemba, itengeni muzipita.

Ngati yanu inanyowa ndipo ikuyakabe, sungani kwina zithunzi ndi manambala lero. Nthunzi mkati mwa galasi la kamera, mawu osokosera pa sipika, sikirini yodzidina yokha kapena yamawanga, kutchaja modukizadukiza, zonsezi zikusonyeza kuti chinyontho kapena dzimbiri zili mkati. Mafoni ambiri ali ndi kapepala koyera m'bowo la simu khadi, komwe kamafiira kakakhudza madzi. Batire likatupa mpaka kukankha sikirini, siyani kuigwiritsa ntchito, chifukwa likhoza kugwira moto.

Ndipo inu a foni za IP68, zomwe amati sizilowa madzi, musadzitame. Zomatira zotchinga madzi zimatha ndi ukalamba, makamaka foni ikagwapo pansi kapena ikasinthidwapo sikirini.