Sipika yong'ambika ndi manotsi awiri: mbiri ya pawa kodi

Pa gitala, kodi ya masiku onse, yomwe ndi gulu la manotsi olira pamodzi, imakhala ndi manotsi atatu: loyambira, lachitatu ndi lachisanu. Lapakatilo ndi limene limachititsa kuti kodi imveke yansangala kapena yachisoni. Pawa kodi imalitaya n'kutsala ndi awiri okha, ndipo m'mabuku a nyimbo imalembedwa ndi nambala 5, monga E5 kapena G5. Amene analitaya koyamba sanachite kukhala pansi n'kuganiza ayi. Anawakakamiza ndi maampulifaya.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, oimba bulusi ku Memphis ankakweza tiampulifaya tawo mpaka mawu kusasa. Willie Johnson, amene ankaimbira gitala Howlin' Wolf mu 1951, ndi Pat Hare, yemwe anajambula ndi James Cotton mu 1954, amatchulidwa kawirikawiri kuti ndiwo anatsegula njira. Mu 1958 Link Wray anaboola sipika ndi pensulo pojambula Rumble, nyimbo yopanda mawu koma imene mawayilesi ena ku America anakana kuiulutsa poopa kuti iputa chiwawa. Ku London mu 1964, Dave Davies wa gulu la The Kinks anacheka ndi lezala sipika ya kaampulifaya kake, ndipo phokoso lake ndi limene timamva mu You Really Got Me.

Nanga n'chifukwa chiyani manotsi awiri amalemera kuposa atatu? Ampulifaya ikapanikizidwa kuposa mphamvu zake, sikweza chabe zimene yalandira. Imabala mawu ena atsopano, ndipo ena mwa iwo amachokera pa kusiyana kwa manotsi amene akulira limodzi. Titenge E5. Khwatchani nsambo yaikulu osaigwira, ndiye E ameneyo, ndipo imanjenjemera ka 82.4 pa sekondi. Nsambo yotsatira mukaidina pa fureti yachiwiri, ndiye kuti pa kachitsulo kachiwiri ka pa khosi la gitala, ikupatsani B, ka 123.5 pa sekondi. Kusiyana kwake ndi 41.1, pafupifupi ndendende theka la 82.4. Ndiye kuti ampulifaya yabala E wina wapansi, wofanana ndi wa nsambo yaikulu ya gitala ya besi, amene chala sichinamukhudze n'komwe. Kulemera kuja kumayambira apa.

Tsono tiyese kubwezera noti lapakati, G# la 103.8. Kusiyana kwake ndi E ndi 21.4, pamene ndi B ndi 19.7. Manambala awiriwa ayandikana koma sakufanana, choncho mawu ake amakankhana, ndipo khutu limangomva chiphokoso chosalongosoka. Vuto lili pa momwe mafureti anayalidwira: noti lachisanu limaphonya pang'ono zedi mlingo wake wachibadwa wa 3 kwa 2, koma lachitatu limaphonya kwambiri. Pa gitala yopanda magetsi zimenezi sizivuta. Mawu akangosasa, kuphonyako kumaonekera poyera. N'chimodzimodzi ngati nsambo imodzi yamasuka pang'ono: pawa kodi imayamba kugwedera, wa-wa-wa, ndipo woimba wozolowera amadziwa pomwepo kuti achune.

Oimba roko yolimba anatenga kulemerako n'kukutsitsa. Tony Iommi wa Black Sabbath anaduka nsonga za zala ziwiri pa fakitale ya malata ku Birmingham ali ndi zaka 17. Ankavala tizisoti tapulasitiki kuzalako, ankakonda nsambo zopyapyala, ndipo pofika 1971 anamasula nsambo zonse mpaka E anatsikira pa C#, kuti zifewe. Anaimba mosathamanga, kodi iliyonse n'kuipatsa mpata wobangula. Kwa ine, palibe amene anaonetsa bwino kuposa iyeyu kuti kulemera si liwiro.

Oimba panki anaikondera china pawa kodi. Kagwiridwe kake n'kamodzi: chala cholozera pa fureti yachitatu ya nsambo yaikulu, chala cha mphete pa fureti yachisanu ya yotsatira, ndiye G5 imeneyo. Kusuntha dzanja lonse mafureti awiri, yasanduka A5. Popeza ilibe noti lachitatu, sisankha nyimbo yansangala kapena yachisoni, ndipo mnyamata amene wagwira gitala sabata yathayi angathe kuyamba bandi. Ntchito yaikulu imasamukira ku dzanja lokhwatcha: kukhwatchira pansi kokhakokha, mwachangu, nthawi zina chikhatho chitatsamira nsambo kumunsi kuti mawu adukeduke.

Komabe anthu amakokomeza ponena kuti panki yonse ndi pawa kodi. Johnny Ramone, amene gulu lake la Ramones linatulutsa chimbale choyamba mu 1976, kawirikawiri ankagwira kodi yathunthu, chala chimodzi chitapingasa nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Kungoti pa kagwiridwe kameneko nsambo zitatu zazikulu zimapereka noti loyambira, lachisanu ndi loyambiranso, ndipo ndi zimenezo piki, kachidutswa kokhwatchira nsambo, imayamba kumenya ikamatsika. Noti lachitatu limakhalapo, koma pa nsambo yopyapyala, pamwamba, pomwe silisokoneza kwambiri.