Mafunso ndi mayankho: kumudziwa kasitomala wanu kudzera m'kope la maoda

"Akuti ndikhale ndi pesona ya kasitomala ndisanaike chilichonse pa Facebook. N'chiyani chimenechi?"

Ndi munthu mmodzi wongoyerekeza, wolembedwa pa theka la pepala, amene akuimira anthu omwe amakugulani kawirikawiri. Mukamajambula katundu kapena kulemba uthenga, mumakhala ngati mukulankhula ndi iyeyo. Simumupeka m'mutu, mumamutola mwa anthu amene anatulutsapo kale ndalama.

"Ndimaphika makeke ku Lilongwe, ndilibe ndalama za kafukufuku. Ndiyambire pati?"

Tengani kope lanu la maoda, macheza a pa WhatsApp ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Sankhani maoda 30 omaliza amene analipiridwa. Omwe anangofunsa mtengo n'kusowa asiyeni kaye, ndipo achibale ogula chifukwa chokumverani chisoni achotseni. Pa oda iliyonse lembani izi: wagula ndi munthu wotani, keke inali ya mwambo wanji, linali tsiku liti la mwezi, anakudziwani bwanji, ndiponso funso loyamba limene anafunsa. Funsolo mulikopere mmene analembera mwiniwake, osalikonza.

Mayina ndi manambala a foni musawalembe papepalali. Sakuthandizani kanthu, komanso Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024.

"Ndalemba. Ndiye ndiziyang'ana chiyani?"

Chimene chikubwerezabwereza. Tiyerekeze kuti mwa maoda 30 aja, 19 ndi a amayi apantchito ofuna keke ya tsiku lobadwa la mwana, 6 ndi a zinkhoswe ndi maukwati, ndipo 5 ndi osakanikirana. Mukayang'anitsitsa 19 aja mukupeza kuti 14 anaoda pakati pa 25 ndi pa 5 mwezi wotsatira, ambiri analemba usiku cha m'ma 8 koloko, ndipo 12 anayamba ndi mawu onga akuti, "Ya ana 20 ndi zingati, ndipo mumabweretsa?"

Pesona yanu yatuluka pamenepo. Ilembeni motere: mayi wa kuofesi, ali ndi mwana wa kupulayimale, amaoda akangolandira malipiro, kawirikawiri kutatsala masiku atatu kuti mwambo uchitike. Alibe nthawi yodzatenga keke. Chimene amaopa kwambiri si mtengo ayi, koma kuti Loweruka ana asonkhana, keke osafika.

Mzere wa mantha umenewu sumapezeka m'kope. Muimbire makasitomala asanu obwerezabwereza, muwafunse kuti, "Musanaode koyamba, chinkakukayikitsani n'chiyani?" Osafunsa ngati keke inakoma. Mwaulemu wathu uja aliyense adzati inali bwino kwambiri, ngakhale amene anaisiya theka.

"Bwanji osangoona Insights pa Meta Business Suite?"

Imakuonetsani zaka, amuna ndi akazi, ndi mizinda ya amene amatsatira tsamba lanu la Facebook. Koma wotsatira ndi wogula ndi anthu awiri. Mwina ambiri okukondani zithunzi ndi ophunzira a ku Mzuzu ndi ku Zomba, kumene keke yanu sifika. Ikasiyana ndi kope, khulupirirani kope.

"Nanga zimenezi zisintha bwanji zomwe ndimaika?"

Funso loyamba lija ndilo mutu wa positi yanu. M'malo mwa chithunzi cha keke chokhala ndi mawu akuti "mtengo ku inbox", lembani kuti iyi ikwanira ana 20, mtengo wake ndi uwu, timabweretsa ku Area 25, Area 47 ndi Area 49. Mayi amene akuwerenga usiku atatopa safuna kufunsa kawiri.

Mantha ake ayankheni ndi umboni: kakanema ka keke ikulowa m'bokosi Loweruka m'mawa, kapena uthenga wa kasitomala wonena kuti yafika nthawi yake, mutapempha chilolezo n'kuphimba dzina. Zotsatsa zenizeni ziyambe cha pa 22, malipiro asanatuluke. Pakati pa mwezi ikani zomuthandiza, monga kukula kwa keke yokwanira kalasi yonse.

"A maukwati aja ndiwataye?"

Ayi. Werengani ndalama. Ngati maoda 6 amenewo akubweretsa phindu lofanana ndi 19 aja, apangireni pesona yawoyawo, tsiku limodzi pa sabata likhale lawo. Mapesona akapitirira awiri, munthu wogwira yekha ntchito amasokonezeka.

"Ndidziwa bwanji kuti ndalakwitsa?"

Pakatha miyezi iwiri werengani maoda, osati malaiki. Ngati malaiki akwera koma olipira ndi omwewo, mukusangalatsa owonerera. Ngati anthu akufunsabe funso limene munayankha kale m'positi, yankholo labisika pansi, likwezeni pamzere woyamba. Ndipo ngati maoda atsopano akuchokera kwa anthu ena, mwachitsanzo masekeletale oodera makeke otsanzikana kuntchito, tengani maoda 30 atsopanowo muwerengenso.