Kodi mafuta olembedwa "Cholesterol Free" saipitsa mtima?

"Ku Nchalo akuti mafuta ophikira olembedwa Cholesterol Free sanenepetsa, saononganso mtima. Nzoona?"

Ayi. Kolesitelo, mafuta amene akachuluka m'magazi amaononga mtima, amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha, monga mazira, chiwindi ndi mkaka. Mafuta a mpendadzuwa, soya kapena mtedza alibe kolesitelo chiyambire, ngakhale oyezedwa m'timapepala pa msika wa Bangula. Choncho botolo lodulalo likudzitama ndi chinthu chimene mafuta onse a zomera ali nacho kale.

Zonenepetsa ndiye nzofanana: supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, kaya botolo lalembedwa chiyani.

Tembenuzani botolo, muwerenge mzere wa Saturated fat pa magalamu 100. Mafuta amenewa ndiwo amakweza kolesitelo m'magazi. A mpendadzuwa amakhala ndi magalamu pafupifupi 11, pomwe a kanjedza, aja amagwirana kukazizira, amaposa 40.