Mwana akapeza 44 pa samu ya 53 kuchotsa 17

Tsegulani kope la masamu la mwana wa Sitandade 2 kapena 3 pa tsamba la kuchotsera. Mwa ana ambiri mupeza samu ngati iyi: 53 kuchotsa 17, yankho 44, ndipo aphunzitsi athetha ndi cholembera chofiira. Yankho lolondola ndi 36. Kholo likaona zotere limafulumira kunena kuti mwanayu ndi wamasewera, samvetsera m'kalasi. Koma musatseke kope msanga. Pa 41 kuchotsa 18 walemba 37, ndipo pa 60 kuchotsa 24 walemba 44. Mwana wongolota mayankho salakwa mofanana katatu konse. Uyu ali ndi lamulo m'mutu mwake ndipo akulitsata mokhulupirika: mu mzere uliwonse, chotsa nambala yaing'ono mu yaikulu. Pa 3 ndi 7 wapeza 4, pa 5 ndi 1 wapeza 4, basi 44.

Lamuloli sanalitole pamsewu. Analiphunzira bwinobwino mu Sitandade 1, ndipo nthawi imeneyo linali loona. Uli ndi mango 7, wadya 3, atsala 4. Samu iliyonse imene anakumana nayo inkayamba ndi nambala yaikulu. Ngakhale atafika pa 58 kuchotsa 23 lamulo lake linkamupatsabe 35, aphunzitsi n'kuchonga. Kwa miyezi yambiri palibe chimene chinamuuza kuti lamuloli lili ndi polekezera.

Amene anafotokoza bwino za zimenezi ndi Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anabadwa mu 1896 n'kumwalira mu 1980. Ali mnyamata ankafufuza za nkhono za m'madzi, ndipo atayamba kugwira ntchito ndi ana chinamukopa kwambiri chinali mayankho awo olakwika, chifukwa ana a msinkhu umodzi ankalakwa mofanana. Iye anaona kuti mwana akakumana ndi chinthu chachilendo amachita zinthu ziwiri. Choyamba amachikokera mu zimene akudziwa kale, n'kuchigwiritsa ntchito ngati chakale chomwe. Kumakoleji a aphunzitsi, monga ya Blantyre kuno, zimenezi amazitcha asimileshoni. Mwana wa zaka ziwiri amene wazolowera galu wa pakhomo akaona mbuzi n'kufuula kuti "galu!" ndi zomwezo. Chachiwiri, chatsopanocho chikakana kulowa, mwana amasintha kaganizidwe kake komweko kuti kakwane zonse, zakale ndi zatsopano. Iyi ndiye akomodeshoni. Mbuzi ikalira, mwana n'kuona nyanga, mutu mwake mumatseguka malo ena: si chamiyendo inayi chilichonse chimene chili galu.

Pa maphunziro a aphunzitsi ndimamva kawirikawiri anthu akulankhula ngati choyambacho ndi cholakwika, chachiwiricho ndiye chabwino. Sindigwirizana nazo. Mwana amene akuchita 58 kuchotsa 23 ndi njira imene anaphunzira pa nambala zing'onozing'ono akuchita bwino, ndipo kuphunzira kochuluka kwa tsiku ndi tsiku ndi kotereku, kukulitsa chimene uli nacho kale. Vuto limabwera pamalo ochepa pamene chakalecho chatha mphamvu koma mwana sakudziwa. Kuchotsera kofuna kubwereka ndi amodzi mwa malo amenewo.

Pamenepa chimene ambiri timachita ndi kuwaphunzitsa ana kayimbidwe. "3 kuchotsa 7, sizitheka. Tibwereka wani." Kalasi yonse imayankha mokweza, mawu n'kumveka mpaka kumsewu, mphunzitsi n'kukhutira. Koma mawuwo mwana amangowaika pamwamba pa lamulo lake lakale, lamulolo osalikhudza. Lachisanu akhoza, chifukwa chitsanzo chikadali pabolodi. Akabwera Lolemba wabwerera ku 44. Ena amatola theka la nyimboyo: amaika 1 pambali pa 3 n'kupeza 13, kuchotsa 7 n'kupeza 6, koma 5 uja osamuchepetsa, yankho n'kukhala 46. Kwa mwana ameneyu "wani" wobwerekedwayo ndi kachizindikiro kongogwa kuchokera kumwamba. Sakuona kuti ndi teni wathunthu amene wachoka pamalo ena.

Ana awiriwa matenda awo ndi osiyana, choncho mphunzitsi ayenera kusankha bwino samu yowayesera. Mukapereka 52 kuchotsa 37, onse awiri alemba 25, chifukwa 7 kuchotsa 2 ndi 5, ndipo 12 kuchotsa 7 ndi 5 yemweyo. Simudziwa kuti walakwa chifukwa chiti. Koma 53 kuchotsa 17 imawalekanitsa: 44 ndi wa lamulo lakale, 46 ndi wobwereka osachepetsa, 36 ndi wokhoza. M'kalasi ya ana opitirira 100, monga mmene zilili m'masukulu ena mumzinda muno, simungakhale pansi ndi aliyense. Koma mutha kupereka samu imodziyi, aliyense alembe yankho ndi zilembo zikuluzikulu n'kukweza sileti kapena kope m'mwamba. Pa mphindi ziwiri mwadziwa gulu la 44 ndi la 46.

Tiyeni titsatire wa 44 uja. Kumuuza kuti walakwa sikusintha kanthu, chifukwa kwa iye lamulo lake silinamunamizepo. Ayenera kuliona yekha likumunamiza. Mpatseni samu imene yankho lake angalipeze ngakhale ndi zala: 31 kuchotsa 29. Alembe kaye m'kope mwa njira yake. Apeza 18. Musanene kanthu. Kenako awerenge zitsekerero za mabotolo 31, apatse mnzake 29, awerenge zotsala. Zatsala 2. Tsopano funsani modekha: "Iwe, m'kopemu walemba zingati? Nanga pansipo zatsala zingati? Zoona ndi ziti?" Inanso yamphamvu ndi 30 kuchotsa 1. Pakamwa aliyense ayankha 29, koma akailemba motsitsa, mwana wa lamulo lakale amapeza 31. Wachotsa, koma zinthu zachuluka.

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Mwana amakhala chete, kuyang'ana kope, kuyang'ana zitsekerero, mwina kuziwerenganso poganiza kuti zina zagwa. Piaget ankaona kusokonezeka kotereku ngati chimene chimakankha mwana kuti asinthe kaganizidwe. Ife akuluakulu chete ameneyu amativuta, ndiye timathamangira kupereka yankho. Mlekeni kaye.

Komabe si ana onse amene amasokonezeka. Ena amayankha mosatekeseka kuti ya m'kope ndi 18, ya zitsekerero ndi 2, ndipo saona chodabwitsa, chifukwa kwa iwo masamu a kusukulu ndi dziko lina losakhudzana ndi zinthu zogwirika. Mwana yemweyo mukamutuma kukagula tomato ku msika wa Ndirande samubera chenji. Ndiye kugundanitsa mayankho pakokha sikukwana. Pafunika kumpatsa chinthu chatsopano choti agwire, apo ayi mwangomulanda chakale n'kumusiya manja lende.

Chatsopanocho ndi mtolo. Ana atole timitengo, kapena muthyole tsache lakutha, amange timitengo 10 pamodzi ndi mphira kapena luzi. Amange okha, musawamangire. Nambala 53 ikhale mitolo 5 ndi timitengo 3 tapadera. Muuzeni apatse mnzake timitengo 17. Apereka mtolo umodzi mosavuta. Pa 7 paja aima, chifukwa tapadera tilipo 3 tokha. Musamuuze chochita. Ambiri pakapita kanthawi amamasula mtolo wina okha, ndipo amene wachedwa amaonera mnzake. Akamasula, tapadera takhala 13. Apereka 7, tatsala 6, mitolo yatsala 3. Wapeza 36 ndi manja ake.

Pali funso limodzi limene siliyenera kudumphidwa. Bwezerani zonse pa mitolo 5 ndi 3 tapadera, amasule mtolo umodzi asanapereke kalikonse, ndipo mufunse: "Tsopano tonse pamodzi tilipo tingati?" Wina ayankha nthawi yomweyo kuti 53, sitinachotsepo kanthu. Wina ayamba kuwerenga kuyambira pa 1. Wina anena kuti tachuluka, poona timitengo tambiri titamwazika. Piaget anapeza kuti ana ambiri osakwana zaka 7 kapena pafupi pamenepo amaganiza kuti kuchuluka kwa zinthu kumasintha ukangosintha kaikidwe kake. Popeza ana athu amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, mu Sitandade 2 mumakhala ena amene adutsa pamenepa ndi ena amene sanadutse. Mwana amene sanatsimikize kuti mitolo 4 ndi timitengo 13 ndi 53 yemwe uja, kubwereka sikungamveke kwa iye. Ameneyo amange ndi kumasula mitolo masiku angapo asanabwerere ku samu yolemba. Zaka zimene Piaget anatchula musazitenge ngati mpanda. Ofufuza a pambuyo pake anaona kuti ana amatha zambiri msanga funso likafunsidwa m'mawu ndi m'zinthu zimene amazidziwa, choncho kudikira kuti mwana "akhwime" osamupatsa mitolo n'kutaya nthawi.

Cholembera chibwere pomaliza, ndipo chiziyenda limodzi ndi manja. Akamasula mtolo, pomwepo athethe 5 n'kulemba 4 pa mateni, alembenso 13 pa mawani. Ine ndimakonda kuti masiku oyambawa tizinena kuti "tamasula teni", popeza ndi zimene mwana akuona zikuchitika. Mitolo ikachitidwa Lachiwiri, samu yolemba Lachinayi, mwana amaziona ngati maphunziro awiri osiyana.

Mudziwa bwanji kuti kaganizidwe kasinthadi? Osati ndi samu khumi zofanana pa tsiku lomwelo. Dikirani sabata, ndipo musakanize zofuna kumasula ndi zosafuna. Pamenepa mupeza chinthu choseketsa: ana ena tsopano amamasula paliponse, ngakhale pa 58 kuchotsa 23. Njira yatsopano ija nayonso yayamba kukokera zonse kwa iyo, ndipo imafunika kuikidwa malire ake. Yesaninso yokhala ndi ziro, monga 60 kuchotsa 24, chifukwa pa ziro ndi pamene lamulo lakale limakonda kubwererapo. Njira ina yabwino ndi kulemba pabolodi 53 kuchotsa 17, yankho 44, n'kunena kuti mwana wina wa kusukulu ina analemba chonchi, kodi ankaganiza chiyani? Amene angafotokoze kuti "anatembenuza, anachotsa 3 mu 7" wadutsa.

Kwa inu makolo, mukapeza 44 m'kope madzulo ano, musafufute ndipo musamulembere 36. Mufunseni kuti, "Tandionetsa mmene unapezera." Akakufotokozerani, tengani machesi kapena nyemba, mumpatse 31 kuchotsa 29, ayambe walemba kenako awerenge. Mawa lake mumange naye mitolo. Akadzafika pa mahandiredi, pa samu ngati 302 kuchotsa 145, vutoli lidzatulukanso, ndipo kudzafunika mtolo waukulu wa mitolo 10 woti amasule kaye asanamasule waung'ono.