Mwana sali pa buku la malipiro a kampani, koma ali m'belo la fodya

Ndatopa nako kuyankha koti kampani yathu sinalembepo mwana ntchito. Ndimakumva m'maofesi muno mu Harare, ndakumvanso sabata yatha pa maliro ku Mufakose, achimwene ena ogwira ntchito ku kampani yogula fodya akundiuza motsimikiza ngati akuwerenga vesi. Inde simunamulembe, palibe akutsutsa. Koma ine ntchito yanga ndi yoyendera alimi a kontrakiti kukaona amene akugwira ntchito m'minda, nde ndikudziwa kuti mwanayo amalowa bwanji m'belo lomwe limafika ku okushoni kapena ku shedi za kampani kuno.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mlimi wa kontrakiti wapatsidwa ndi kampani ngongole ya hekitala imodzi, feteleza, mankhwala, mwina ndi malasha owotchera. Hekitala imodzi imakhala ndi mitengo ya fodya pafupifupi 15,000, ndipo nthawi yothyola mumachotsa masamba awiri kapena atatu pa mtengo uliwonse, kuyambira pansi. Ndi masamba 30,000 mpaka 45,000 amenewo ulendo umodzi, oti athyoledwe, anyamulidwe, amangidwe pa timitengo, akwezedwe m'balani tsiku lomwelo asanafote, kenako moto wa balani woti munthu azisonkhezera usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, uku masamba ena m'munda akupsa osadikira munthu. Bambo ndi mayi awiri okha sangathe, olo atalimba bwanji. Ndalama yolipira aganyu kulibe chifukwa fodya amagulitsidwa cha m'Marichi kupita kutsogolo pomwe kuthyola kuli Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomweyo ya fizi komanso ufa utatha m'nyumba. Ndiye manja osowawo achokera kuti? Amene analemba kontrakiti ija masamu awa amawadziwa kuposa ine. Ngati ngongole ili ndi feteleza koma ilibe ndalama ya aganyu, kampaniyo yawerengera kale ana a mlimi, kungoti sinawalembe maina.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo ndipo sindiinyoza. Ambiri mwa ife ana a matchona tinakulira m'mapulazi, agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasalande kudzalima fodya yemweyu, tonse tinagwirapo khasu tili ang'ono. Akandiuza kuti mwana osamuphunzitsa ntchito adzakhala mlesi ndimavomera. Kutunga madzi, kuthirira dimba, kupalira chimanga Loweruka, zonsezo palibe akuletsa. Koma fodya si chimanga amayi. Tsamba lonyowa ndi mame limatulutsa nikotini yemwe amalowa kudzera pakhungu, nde mwana thupi lake ndi laling'ono, amayamba mutu, chizungulire, nseru, kusanza. Ichi nchifukwa chake malamulo amasiyanitsa, ku Zimbabwe kuno msinkhu woyambira ntchito ndi zaka 16 koma ntchito yoopsa ndi 18, ndipo mgwirizano nambala 182 wa 1999 wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ukunena za ntchito zoopsa zomwezi. A bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch analemba lipoti la minda ya fodya ya kuno mu 2018, anapeza ana ndi akulu odwala chonchi ambiri osauzidwapo nkomwe kuti matendawa alipo.

Nkhani yomwe imandisowetsa tulo inachitika cha ku Karoi. Ndinafika pakhomo pena m'mawa osanena, ndinapeza mtsikana wa zaka 13 atagona pa mphasa kuseri kwa balani, wasanza kawiri. Mayi ake akuti ndi malungo, agogo ake akuti wina wamuponyera chifukwa fodya wawo anachita bwino chaka chimenecho, moti anali atatuma kale munthu kwa sing'anga. Ine ndinangoyang'ana manja. Zikhatho zakuda bii, zomata, utomoni wa fodya wauwisi uja suchoka ndi madzi okha, ndipo diresi linali likadali lonyowa kutsogolo komwe amakumbatira masamba. Ndinawauza kuti amuvule zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi, tipite naye kuchipatala.

Apa ndiime kaye chifukwa anthu mumachedwa zinthu zopanda pake. Kudwala kwa nikotini nthawi zambiri kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, zoona, koma zizindikiro zake zimafanana ndi za poizoni wa mankhwala opopera, ndipo ameneyo amapha. Inu panyumba simungasiyanitse bwinobwino. Mwana akayamba kuchucha dovu, thukuta lambiri, kubanika, minofu kunjenjemera, musamumwetse mkaka kapena makala osungunula m'madzi, musadikire kuti a sing'anga abwere, nyamulani mwana ndi botolo la mankhwala omwe anapopera mukaonetse anesi.

Mtsikana uja anachira. Chomwe chimandivuta ndi zomwe ndinachita ine. Ndinalemba lipoti loona, monga ntchito yanga imafunira, lipoti linakwera mpaka ku ofesi, ndipo chaka chotsatira banja lija silinapatsidwe kontrakiti. Pa pepala kampani inayera. Kaya inu mukuona bwanji koma ine ndimati imeneyo si njira yochotsera mwana m'munda, ndi njira yochotsera dzina la kampani pa mwanayo basi.

Ndikumvetsa mantha a mabwana a kampani. Mu Novembala 2019 America inalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa doko chifukwa cha nkhani ya ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo makampani anachita kutsimikizira payekhapayekha kuti wawo ndi woyera. Bwana aliyense wa fodya kuno anaimva imeneyo, nde akaona lipoti ngati langa amaona msika wonse ukutsekeka, ndi antchito mazana a ku fakitale omwe nawonso ali ndi ana. Si maganizo opusa. Koma zotsatira zake nzoti woyendera minda amaphunzira kuti akanena zoona banja lifa ndi njala, akabisa mwana apitiliza kusanza, ndipo anzanga ambiri amasankha kusaona. Mlimi nayenso amaphunzira kuti galimoto ya kampani ikamveka ana athawire m'chimanga.

Pamenepa mpomwe amalowera akatswiri abodza aja, oyenda ndi laputopu ndi chidindo, amene amauza kampani tsiku lomwe abwere, amasonkhanitsa alimi pansi pa mtengo, aliyense asayine kuti sagwiritsa ntchito ana, chithunzi, satifiketi, ndalama m'thumba. Mukawaona otero dziwani kuti palibe chomwe ayeza. Woyendera weniweni amafika nthawi yothyola, mame asanaume, amawerenga mahekitala ndi manja a akulu omwe alipo, amafunsa yemwe anagona pa balani usiku, kenako amapita kusukulu kukaona rejisitala ya Febuluwale. Ana akamajomba masiku ofanana ndi omwe balani imadzazidwa, simufunikanso kufunsa munthu.

Chomwe ndinapempha pa banja lija chinali chaching'ono, kuti apatsidwe ndalama ya aganyu awiri pa ngongole yomweyo nthawi yothyola, kapena achepetse munda ufike theka la hekitala, awapatse magolovesi ndi majasi a mvula, ine ndizibwerako mwezi ndi mwezi. Anandiyankha kuti akachitira mmodzi onse afuna. Eya, onse akufunikadi, vuto lake ndi limenelo.

Ndinadutsako patapita chaka ndili pa ulendo wina. Fodya analima ndithu, wopanda feteleza wokwanira, anagulitsa kwa mavenda ogula pakhomo pa mtengo wolira, ndipo mavendawo amakaulowetsa pa nambala ya mlimi wina, kutanthauza kuti mwina anathera kwa ogula omwe aja. Mtsikanayo sindinamupeze, mayi ake anati ali ku Harare konkuno akugwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu ena ku Kuwadzana. Aphunzitsi anandionetsa rejisitala, dzina lake linali litadulidwa ndi cholembera chofiira kuyambira temu yachiwiri.