Lipoti la kugwa pamsewu wonyowa: chimene bwana akufuna kuwerengamo

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Mangochi, cha m'mwezi wa Novembala, ife amene timayang'anira njinga zamoto zoperekera katundu timadziwiratu kuti patebulo pabwera malipoti a ngozi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala a mizere itatu yokha. Lina limene ndinalandira linali ndi mawu awa: "Bwana, ndagwa ndi njinga chifukwa cha mvula. Msewu unali woterera. Ndapepesa kwambiri." Mnyamatayo sananame, koma pepala lakelo silikanathandiza iye mwini, makaniko, a inshulansi, ngakhale ofesi ya zantchito, chifukwa tsiku limenelo msewu unali woterera kwa aliyense amene anadutsapo, koma amene anagwa ndi iye yekha. Lipoti labwino liyenera kufotokoza chimene chinachitika kwa njinga imeneyi, pamalo amenewa, m'masekondi ochepa asanagwe.

Ndinamuitana kuti tilembenso limodzi, ndipo tinayamba ndi zosavuta: tsiku, nthawi, nambala ya njinga, kumene ankachokera ndi kumene ankapita. Izi sizifuna luso, koma malo ake ayenera kutchulidwa moti munthu wina akhoza kukaima pomwepo. Kulemba kuti "pamsewu wa ku Monkey Bay" n'kosakwanira, pakuti kuchokera paboma kukafika ku Monkey Bay ndi mtunda wa makilomita opitirira 60. Iye anagwera pafupi ndi hampu yoyamba ya pamsika wina wa m'mbali mwa msewuwo, akuchokera kuboma, cha m'ma 2 koloko masana, atanyamula bokosi la katundu wolemera makilogalamu 25, ndipo zonsezi tinazilemba momwemo.

Kenako ndinamufunsa za mvulayo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa kuti ndikufunsiranji chinthu chodziwikiratu. Mvula siifanana. Miyezi yonse ya chilimwe, fumbi, mafuta odontha m'magalimoto ndi tizidutswa ta matayala zimakhala zikuunjikana paphula, makamaka pamene magalimoto amachepetsa liwiro kapena kuima, monga pamahampu ndi pamasiteji a minibasi. Mvula yowaza ikangoyamba, madzi ochepawo amasakanikirana ndi zonsezi n'kupanga kautoto koterera ngati therere, pamene mvula yamphamvu yomwe yagwa kwa ola lathunthu imakhala itatsuka zambiri mwa izo, ngakhale kuti imabweretsa mavuto ake, monga mchenga wokokoloka ndi madzi obisa maenje. Mnyamatayo anati mvula inali itangoyamba kuwaza mphindi ngati khumi m'mbuyomo, ndipo inali yoyamba chaka chimenecho. Chiganizo chimodzi chimenechi chinafotokoza zambiri kuposa mawu oti "woterera", ndipo chinali chomuteteza, ngakhale iye sankadziwa.

Mtima wa lipoti lonse ndi funso ili: ndi tayala liti limene linatsetsereka, ndipo inu munkachita chiyani pa nthawiyo? Wokwera aliyense amadziwa kuti buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja ndipo yakumbuyo ili kuphazi lamanja, koma si onse amene amazindikira kuti kagwedwe ka njinga kamasiyana malinga ndi tayala limene lataya msewu. Lakumbuyo likamangika n'kutsetsereka, njinga imayamba yagwedeza kumbuyo kwake uku ndi uku, wokwerayo amamva, ndipo nthawi zina amakwanitsa kuiwongola. Lakutsogolo likamangika, chiwongolero chimangopindika mwadzidzidzi ndipo munthu amapezeka ali pansi asanadziwe chimene chachitika. Choncho wokwera akandiuza kuti "ndinangozindikira ndili pansi", ndimayamba kuganizira za tayala lakutsogolo ndi dzanja lamanja.

Zinalidi choncho. Mbuzi inatulukira kumbuyo kwa benchi ya ogulitsa nsomba kumanzere kwa msewu, iye anafinya buleki yakutsogolo mwamphamvu nthawi imodzi, ndipo pa nthawiyo tayala linali pa utoto woyera wa pahampu, umene ukanyowa umaterera kuposa phula lenilenilo. Sankafuna kulemba zimenezi poopa kuti akudzipereka yekha. Ndinamuuza kuti, achimwene, kufinya buleki poona mbuzi si mlandu, koma kubisa ndiko kumakayikitsa, chifukwa njinga imanena zake ikafika kwa makaniko.

Pa liwiro, ndimalangiza kuti munthu alembe chimene akudziwa ndi mmene akuchidziwira. Ngati anayang'ana kawotchi koonetsa liwiro, atero. Ngati sanayang'ane, alembe giya imene anali, ndi liwiro longoyerekeza, n'kunena kuti akuyerekeza. Iye anati anali m'giya yachitatu, pa makilomita pafupifupi 40 pa ola. Pa liwiro limenelo njinga imayenda mamita 11 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti sekondi imodzi yoti maso aone mbuzi ndi dzanja lifike pabuleki yadya kale mamita 11. Pa phula louma, buleki yogwidwa bwino imafuna mamita ena pafupifupi 9 kuti njinga iime, koma pamalo oterera mtunda umenewu ukhoza kuwirikiza kawiri. Mbuziyo inali pa mamita osapitirira 15 mwa kuyerekeza kwake. Apa bwana wowerenga amaona yekha kuti kuima kunali kosatheka, komanso amaona kuti makilomita 40 pa ola poyandikira hampu ya pamsika, mvula ikuwaza, linali liwiro lokwererapo. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo lipoti liyenera kunyamula zonse, osati yokomera mbali imodzi.

Gawo limene tinalemba pamapeto pake linali lotere: "Ndinali kumanzere kwa msewu, m'giya yachitatu, pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola mongoyerekeza, pakuti sindinayang'ane kawotchi. Mbuzi inalowa mumsewu kuchokera kumanzere. Ndinafinya buleki yakutsogolo mwamphamvu, tayala lakutsogolo linatsetsereka pa utoto wa pahampu, ndipo njinga inagwera kumanzere n'kukhwekhwereza mamita ngati anayi. Mbuziyo sindinaigunde, ndipo palibe munthu kapena galimoto ina imene inakhudzidwa." Mulibe mawu opepesa, mulibenso mawu odziikira kumbuyo. Kupepesa kuli ndi malo ake, pamaso pa bwana, koma pepalali likhoza kukafika kwa anthu amene sakukudziwani ndipo mawu oti "ndalakwa" adzawawerenga ngati chigamulo.

Za kuwonongeka kwa njinga, lamulo langa n'lakuti zolembedwa zigwirizane ndi mbali imene njinga inagwera. Yogwera kumanzere imathyoka chogwirira kilachi, galasi lakumanzere ndi getsi lokhotera, ndipo chopondera giya chimapindika. Mpope wa utsi, umene pa njinga zambiri zathuzi uli kumanja, umapulumuka. Pa njinga yake panali kukalika kwina kumanja kwa thanki, kochita kale dzimbiri, ndipo tinalemba kuti n'kwakale, chifukwa woyeza wa inshulansi akapeza chilonda chakale chitaphatikizidwa ndi zatsopano amayamba kukayikira pepala lonse. Ndi bwinonso kudziwa kuti inshulansi yotchipa, yongoteteza anthu ena, silipira kuwonongeka kwa njinga yanu yomwe, ndiye kuti pa ngozi yogwa wekha ngati iyi ndalama zokonzera zimachokera kwa mwini njinga, pokhapokha ngati anadula inshulansi yokwanira zonse. Katundu naye alembedwe payekha: maphukusi angati anali m'bokosi, angati ananyowa kapena kusweka, ndiponso anakaperekedwa ndi ndani.

Tayala lakutsogolo lija linali ndi nkhani yake. Mizere yokumbika ya patayala ndi imene imatulutsa madzi pakati pa mphira ndi phula, ndipo m'kati mwa mizereyo opanga amaikamo timapiri ting'onoting'ono; tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timapiri timeneti, ndiye kuti latha. Lake linali litafika pamenepo, ndipo iye anali atanenapo kale milungu iwiri m'mbuyomo kudzera pa uthenga wa pafoni. Okwera ambiri amaopa kulemba zotere, poganiza kuti akuloza bwana chala. Sikofunika kuloza aliyense chala. Ingolembani kuti tayala linali lotha, munanena tsiku lakuti kwa wakuti, ndipo muike chithunzi cha uthengawo. Ndivomereze kuti uthenga umenewo unali m'foni yanga, ndipo ndinauwerenga mochita manyazi, koma popanda chiganizo chimenecho tikanangosintha galasi ndi chogwirira kilachi n'kumubwezera pamsewu ndi tayala lomwelo.

Zithunzi zijambulidwe njinga isanachotsedwe ngati n'kotheka popanda kuika moyo pachiswe, ndipo zionetse phula lonyowalo, chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa msewu msanga, moti wobwera patapita ola limodzi akhoza kukana kuti panagwa mvula. Dzina ndi nambala ya foni ya mboni imodzi, ngakhale mayi wogulitsa nsomba uja, n'zokwanira.

Chimene okwera amachepetsa kwambiri ndi thupi lawo. Munthu akangogwa, mantha amabisa ululu, ndipo amadzuka n'kunena kuti "ndili bwinobwino" kuti asaoneke wofooka kapena kuti asataye tsiku la ntchito. Mnyamata wathuyu anangotchula zosupuka za pabondo ndi pachigongono, koma nditamufunsa ngati anatsamira dzanja pogwa, anavomera kuti pamfundo ya dzanja lamanzere, m'munsi mwa chala chachikulu, pankapweteka akafinya kilachi. Pamenepo pali kafupa kamene kamathyoka munthu akagwera chikhatho, ndipo nthawi zina sikaoneka pa chithunzi choyamba cha kuchipatala. Tinalemba ululuwo tsiku lomwelo ndipo anapita kuchipatala, n'kusunga buku lake la kuchipatala ndi malisiti onse. Chifukwa chake n'chakuti dziko lino lili ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, la chaka cha 2000, limene limapatsa olemba ntchito udindo wokanena za ngozi ku ofesi ya zantchito, ndipo bwana sangakanene kuvulala kumene sanauzidwe. Dzanja likadzatupa patatha milungu itatu, pomwe lipoti likunena kuti munthu sanavulale, pamabuka funso loti mwina anavulalira kwina, ndipo funso limenelo n'lovuta kuliyankha.

Chimodzimodzinso ndi mutu. Ngati chipewa choteteza mutu chinagunda pansi, lembani, ndipo chipewacho chisinthidwe ngakhale kunja chikuoneka chabwino, pakuti chofewa cha m'kati mwake chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso. Lembaninso ngati munakomoka kapena ngati pali kanthawi kamene simukukakumbukira. Mutu ukamapweteka mowonjezereka, munthu akamasanza kapena kuodzera modabwitsa tsiku limenelo kapena lotsatira, lipoti lidikire, ayambe wathamangira kuchipatala.

Lipoti lake lachiwiri linadzaza tsamba limodzi ndi theka. Anasaina, analemba tsiku, ine ndinasainanso kuti ndalandira, ndipo anajambula masamba onse awiri pafoni yake kuti akhale ndi kope lake. Mlungu womwewo tinayeza matayala a njinga zonse zimene tinali nazo, ndipo ziwiri zinaimitsidwa kufikira matayala atsopano atabwera.